Bedi lozungulira: njira zopezera malo a m'kati ndi zotchingira m'mphepete

Bedi lozungulira la masamba limafuna nambala ziwiri, ndipo munthu akazisokoneza amatuta katundu wosakwana kapena wopitirira muyeso. Yoyamba ndi kutalika kwa mzere wozungulira bedilo. Imeneyi imakuuzani kuchuluka kwa njerwa, mabotolo kapena nsungwi zoti mutchingire dothi, ndipo timayiyeza m'mamita. Yachiwiri ndi kukula kwa malo a m'kati, yomwe imakuuzani ndowa za manyowa ndi malita a madzi, ndipo timayiwerenga m'masikweya mita. Kuno ku Mangochi, makamaka m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire kumene dothi ndi lamchenga, chotchinga cha m'mphepete si chokongoletsa chabe. Mchenga wosakaniza ndi manyowa ukakwezedwa pang'ono umayoyoka, madzi a m'keni n'kumathawira kunja kwa bedi masamba asanamwe, ndipo m'mwezi wa Okutobala madzi otayika choncho amawawa mtima kwa amene wawasenza kuchokera kumjigo.

Tigwiritsa ntchito bedi limodzi kuyambira pano mpaka kumapeto, lopingasa mamita 2.8, kutanthauza kuti kuchoka pachikhomo cha pakati kufika m'mphepete pali mamita 1.4. Muyeso umenewu umakwana kuseri kwa nyumba zambiri, komanso umagawika bwino ndi 7, zomwe zitithandize kutsogoloku.

Kuyeza kupingasa

Ngati bedi simunalime, ntchito ndi yopepuka. Khomani chikhomo pakati, mangani chingwe momasuka kuti chizitha kuzungulira pachikhomocho osakulungika, ndipo kumapeto kwina mangani kamtengo kosongoka pa mamita 1.4 enieni. Kokani chingwe chikhale nga, kamtengo kaime chilili, mulembe mzere pansi mukuyenda mozungulira. Chingwe chikamakulungika pachikhomo chimafupika pang'onopang'ono, ndipo mudzaona pomaliza kuti mzere wanu sukukumana ndi pomwe unayambira. Chingwe cha nayiloni chosokera maukonde, chomwe sichisowa m'midzi ya asodzi, n'cholimba koma chimatamuka mukachikoka mwamphamvu, ndiye chiyezeni ndi tepi chili chokoka mofanana ndi mmene muchikokere polemba.

Bedi lakale, lomwe chikhomo chake chinazulidwa kalekale, limavutirapo. Tepi ikadutsa pambali pa pakati imapereka muyeso wochepa. Mnzanu agwire mutu wa tepi pamalo amodzi m'mphepete, inu mupite tsidya linalo muziyendetsa tepi kumanja ndi kumanzere, ndipo nambala yaikulu yomwe muione ndiyo kupingasa kwenikweni. Bwerezani modutsanitsa. Mukapeza 3.0 mbali ina ndi 2.6 mbali inayo, bedilo ndi lobulungira motalika, ndipo pa mzere wozungulira mutenge nambala ya pakati pake, yomwe ndi 2.8.

Ndalimbikira pa kuyeza chifukwa kuphonya kwakukulu kumachokera pamenepa. Mukaphonya kupingasa ndi masentimita 10 okha, mzere wozungulira usintha ndi masentimita 31, ndipo malo a m'kati asintha ndi pafupifupi theka la sikweya mita. Njira zonse zowerengera zomwe zili m'munsimu, kupatula imodzi, zimasiyana ndi sentimita imodzi yokha.

Mzere wozungulira: chingwe, 3, 22/7 kapena 3.14

Njira ya chingwe siifuna masamu. Mumagoneka chingwe motsatira mzere wonse, kuika chizindikiro pomwe chakumana, kenako n'kuchiwongola ndi kuchiyeza ndi tepi. Pa bedi lakale lopindikapindika njira yabwino ndi imeneyi, chifukwa imayeza zomwe zilipo pansi. Vuto lake n'lakuti chingwe sichikonda kupinda. Mukachikoka chimadula ngodya n'kulowa m'kati, mukachisiya lende chimapanga mafunde n'kutalika. Kuti chigone bwino, khomani tizikhomo mozungulira motalikirana phazi limodzi ndi theka, chingwe chidutse kunja kwake. Komanso njirayi singakuthandizeni bedi lisanalembedwe, pamene muli pakhonde mukuganiza ngati njerwa zotsala pomanga khitchini zingakwane.

Njira zinazo zimachokera pa mfundo imodzi. Chinthu chilichonse chozungulira bwino, kaya ndi chivundikiro cha poto kaya ndi bedi, mzere wake wozungulira umatalika katatu ndi kanthu pang'ono kuposa kupingasa kwake. Nambala imeneyo ndi pai, yolembedwa π, ndipo imayamba 3.14159 n'kumapitirira osatha. Kusukulu amalemba C = π × d, pomwe d ndi kupingasa. Funso n'lakuti mutenga pai wotani.

Ambiri amangochulukitsa ndi 3, ndipo pa bedi lathu zimapereka mamita 8.4. Yankho loona ndi pafupifupi 8.8, ndiye mwapereweza masentimita 40, omwe ndi njerwa ziwiri. Kuperewera kumeneku mungakuone ndi maso. Tengani chingwe chomwe munalembera bedi chija, cha mamita 1.4, muike nsonga imodzi pamzere, inayo ifikenso pamzere patsogolo, mukhome chikhomo, n'kupitiriza chomwecho. Mukachita kasanu ndi kamodzi mubwerera ndendende pomwe munayambira. Zingwe zisanu ndi chimodzi za mamita 1.4 ndi mamita 8.4 aja. Koma chingwe chilichonse chayenda mowongoka pamene mzere wa bedi ukukhota kunja kwake, ndipo pakati pa zikhomo ziwiri mpata wa chingwe ndi mzere ukufika masentimita 19. Kukhota kumeneko ndiko kumadya masentimita 40 osowawo. Archimedes wa ku Syracuse, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, anayambira pa mbali zisanu ndi imodzi zomwezi, n'kumaziwirikiza mpaka zinafika 96, ndipo anasonyeza kuti pai ndi wochepera pang'ono pa 22/7. Zikhomo zisanu ndi chimodzizo musazule msanga, zagawa bedi lanu m'zigawo zofanana ngati mukufuna kubzala mbewu zosiyanasiyana.

Kuchulukitsa ndi 3 n'kwabwino pongoyerekeza, bola muzikumbukira kuti nthawi zonse kumapereweza, ndipo muziwonjezera masentimita 5 pa mita iliyonse ya yankho lanu. Pa mamita 8.4 zimenezi zikupereka masentimita 42, ndipo mwafika pa 8.82, pafupi kwambiri.

Njira ya 22/7 ndi ya munthu wowerengera m'mutu kapena polemba pamchenga. Gawani kupingasa ndi 7, muchulukitse ndi 22. Masentimita 280 kugawa ndi 7 ndi 40, ndipo 40 kuchulukitsa ndi 22 ndi 880, ndiye mamita 8.8. Imakoma pamene kupingasa kukugawika ndi 7, monga 1.4, 2.1, 2.8 kapena 3.5. Pa bedi la mamita 3 imasanduka chintchito. Pamenepo tengani 3.14 pafoni. Pa bedi lathu 2.8 × 3.14 ikupereka 8.79, ndipo batani la π, lomwe limapezeka pa makakyuleta ambiri a m'foni, likupereka 8.796. Kusiyana kwa mayankho atatuwa sikukwana sentimita imodzi, ndipo palibe njerwa yowumbidwa pachikombole yomwe ingazindikire zimenezo. Ine ndimati ngati bedi simunalembe, sankhani dala muyeso wogawika ndi 7, masamu onse ayende ndi manambala osavuta.

Malo a m'kati

Apa ndi pomwe anthu amagwa kwambiri. Lamulo lake ndi A = π × r × r, pomwe r ndi theka la kupingasa. Pa bedi lathu 1.4 × 1.4 ndi 1.96, ndipo tikachulukitsa ndi 22/7 tikupeza masikweya mita 6.16. Ndi 3.14 tikupeza 6.15.

Pali njira ina yomwe ndimaikonda kwa munthu amene wayeza kale ndi chingwe. Tengani theka la mzere wozungulira muchulukitse ndi theka la kupingasa: 4.4 × 1.4, yankho 6.16 lomwe lija. Chifukwa chake n'chomveka mukaganiza za chigumu chophikidwa m'poto. Chiduleni m'zidutswa zambiri zosongoka kuchokera pakati, muzindandalike china nsonga kumwamba, china nsonga kumunsi, molowana. Chomwe chituluke chikhala ngati chamakona anayi, mulifupi mwake mofanana ndi kuchoka pakati kufika m'mphepete, mulitali mwake theka la mzere wozungulira, popeza theka la makoko lapita mbali ina, theka mbali inayo. Ngati pakati pa bedi pali mtengo wa papaya kotero kuti tepi singadutse, yezani mzere wozungulira wokha, muugawe ndi 6.28, mupeza r. Mamita 8.8 kugawa ndi 6.28 ndi 1.4.

Zolakwika zofala ndi ziwiri. Choyamba ndi kuika kupingasa konse m'malo mwa theka lake, 3.14 × 2.8 × 2.8, zomwe zimapereka 24.6, kuwirikiza kanayi yankho loona. Chachiwiri ndi kuona r² n'kuchulukitsa r ndi 2 m'malo moichulukitsa ndi iyo yomwe. Pamenepo mumapeza 8.79, yomwe ndi mzere wozungulira uja wabwera m'dzina la malo, ndipo imanyenga chifukwa siioneka yopenga. Zonsezi zimagwidwa ndi chiyeso chimodzi. Ganizirani bedi lanu lili m'kati mwa malo a makona anayi a mamita 2.8 mbali zonse. Malo amenewo ndi 2.8 × 2.8, masikweya mita 7.84, ndipo bedi lozungulira silingapose pamenepo popeza makona anayi atsala kunja. Limatenga magawo 11 mwa magawo 14, kupitirira pang'ono magawo atatu mwa anayi. Yankho lililonse loposa 7.84 ndi lolakwika, musalipitirize. Chiyesochi chingakhalenso njira payokha: kupingasa kuchulukitsa ndi kupingasa, kenako ndi 0.785. Pa bedi lobulungira motalika lija chulukitsani miyeso iwiriyo, 3.0 × 2.6 × 0.785, mupeza 6.12.

Nambala ya 6.16 ikakhala m'manja, manyowa amawerengeka. Kuyala manyowa okhuthala sentimita imodzi pa sikweya mita imodzi kumadya malita 10. Mukafuna masentimita 5 pa bedi lonse ndi 6.16 × 50, malita 308, ndiye ndowa za malita 20 zokwana 15 ndi theka. Amene anaphonya n'kupeza 24.6 uja akanatuta ndowa zoposa 60. Madzi nawo chimodzimodzi: ngati mwaganiza zothira malita 5 pa sikweya mita patsiku, bedili limwa malita 31, makeni atatu a malita 10. Pamchenga ndi bwino kuwagawa m'mawa ndi madzulo, chifukwa mukathira onse nthawi imodzi ambiri amalowa pansi kupitirira mizu ya mpiru.

Mamita 8.8 si yankho lomaliza

Chotchinga chilichonse chili ndi kunenepa kwake, ndiye bedi limakhala ndi mizere yozungulira iwiri, wa m'kati pomwe dothi lathera ndi wa kunja pomwe chotchinga chathera. Mzere woti muwerengere umadalira chomwe mukutchingira.

Tiyambe ndi njerwa zootcha. Nditenga ya masentimita 23 mulitali, 11 mulifupi ndi 7 kunenepa, koma yezani zanu, chifukwa zikombole zimasiyana ndipo njerwa za uvuni umodzi zimatha kusiyana ndi sentimita yathunthu. Ndandalikani khumi, muyeze zonse pamodzi, mugawe ndi 10. Zidina zisiyeni, zimasungunuka ndi madzi othirira.

Njerwa zikazungulira bedi zimagundana ndi makona a m'kati, kunja n'kuyasama. Choncho mzere wowerengera ndi wa m'kati. Mukazigoneka motsatana mulitali, masentimita 880 kugawa ndi 23 ndi 38 ndi kachidutswa, ndiye 39. Mzere wa kunja uli patali ndi masentimita 11, ndipo ukuposa wa m'kati ndi masentimita 69. Masentimita amenewa safuna njerwa zina, amagawika m'mipata yosongoka ya pakati pa njerwa, uliwonse pafupifupi masentimita 2. Amene wawerengera mzere wa kunja apeza njerwa 41 kapena 42, ndipo zitatu zitsala. Chodabwitsa n'chakuti masentimita 69 amenewa sasintha ndi kukula kwa bedi, amadalira mulifupi mwa njerwa basi. Pa bedi la mamita 1.4, lomwe limadya njerwa 19 kapena 20, masentimita omwewo amagawika m'mipata yochepa, uliwonse n'kufika masentimita 3 ndi theka, ndipo kapinga amapeza pomera. N'chifukwa chake pa bedi laling'ono zidutswa za njerwa zimazungulira bwino kuposa zathunthu, ndipo zidutswa nthawi zambiri zimangotayidwa pomwe pali chimango.

Mukazigoneka cham'mbali, kuti mbali ya masentimita 11 ikhale msinkhu, chiwerengero chikhalabe 39, koma mipata yonse pamodzi itsika kufika masentimita 44 ndipo khoma likwera. Izi zimafuna kangalande kakang'ono kozikwirira pang'ono, apo ayi dothi likanyowa limazikankhira kunja. Mukaziimika chilili, mbali ya masentimita 11 ikuyang'ana dothi, gawo limodzi mwa atatu lili pansi, 880 kugawa ndi 11 ndi njerwa 80. Zawirikiza kawiri, koma mzere umakhota mosalala, mipata ndi ya theka la sentimita, ndipo pamchenga ndi kaimidwe komwe kamagwira kwambiri. Kaimidwe kopendeketsa kotsamirana kaja, kotulutsa mano, kamadya zochulukirapo. Njerwa iliyonse imatenga pafupifupi masentimita 10 a mzere, ndiye mukufuna 88 kapena 89. N'kokongola, koma manowo amalasa mawondo popalira ndipo madzi amatuluka m'mipata ya manowo. Pa bedi la masamba sindingakasankhe. Pa kaimidwe kalikonse onjezerani njerwa zinayi kapena zisanu za zosweka m'wilibala.

Musanayitanitse njerwa dzifunseni ngati mamita 2.8 aja ndi a dothi kapena ndi malo onse omwe muli nawo, mwachitsanzo pakati pa bafa ndi mpanda. Ngati ndi malo onse, njerwa zogona zilowa m'kati mwake n'kudya masentimita 11 mbali iliyonse. Dothi litsala lopingasa mamita 2.58, mzere wa m'kati ukhala mamita 8.1, njerwa zikhala 35, ndipo malo obzala atsika kuchoka pa 6.16 kufika pa 5.23. Pafupifupi sikweya mita yathunthu yapita ndi kamzere kopyapyala ka m'mphepete, chifukwa m'mphepete ndi momwe bedi lozungulira limasunga malo ake ambiri. Pamalo opanikizika chotchinga chopyapyala chimapindula.

Mabotolo ozondotsa, pakamwa pansi, amagundana pamimba pawo, ndiye mzere wowerengera ndi wodutsa pakati pa mabotolowo. Ngati botolo ndi lonenepa masentimita 7, onjezerani 7 pa kupingasa, zikhale 287, muchulukitse ndi 3.14, mupeza 901, mugawe ndi 7, mabotolo 129. Kutolera mabotolo ofanana ochuluka chotere si ntchito ya tsiku limodzi. Apulasitiki amafunika kudzaza mchenga kuti asaphwanyike, ndipo dzuwa la kuno limawaumitsa mpaka kuyamba kuthetheka. Agalasi amakhalitsa, koma khasu likangogunda limodzi magalasi amalowa m'dothi lomwe mumagwira ndi manja, pabwalo pomwe ana amayenda opanda nsapato.

Nsungwi zong'amba ndi zopyapyala, ndiye mzere wake ndi mamita 8.8 omwe aja, koma pali polumikiza. Nsungwi ya mamita 2.5 yopitirirana ndi inzake masentimita 20 imatchinga mamita 2.3 okha. Mamita 8.8 kugawa ndi 2.3 ndi 3.8, ndiye zinayi pa mzere umodzi, ndipo mizere itatu yosanjikiza ikufuna 12. Zikhomo zotalikirana masentimita 40 zikufunika 22 ndendende. Pa mpanda wowongoka timawonjezera chimodzi cha kumapeto, koma pozungulira chomaliza ndi choyamba chomwe chija. Pindani nsungwi zikadali zaziwisi, zouma zimathyoka pamfundo. Mdani wake ndi chiswe, ndipo pomwe dothi limanyowa tsiku ndi tsiku musayembekezere kuti zikhalitsa. Bango, lomwe limapezeka m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe, limawola msanga kuposa pamenepo, ndipo limayenera kwambiri mpanda wa mbuzi kusiyana ndi kugwira dothi.

Mpanda wa mbuzi ndi mzere wina wachitatu, ndipo ambiri amauyerekeza mochepa. Mukasiya kanjira ka masentimita 60 kunja kwa njerwa kuti muzidutsa ndi keni, mpandawo uli pa mamita 2.1 kuchoka pakati, ndipo kuzungulira kwake ndi mamita 13.2.

Miyala, kwa okhala kumapiri a ku Namwera kapena cha ku Monkey Bay kumene siisowa, imaposa zonse pa kukhalitsa ndipo chiswe sichiidziwa. Siiwerengeka ndi kugawa chifukwa siifanana. Ndandalikani mita imodzi, muwerenge yomwe yalowa, muchulukitse ndi 9 ndi theka, popeza mzere wodutsa pakati pa miyala ya masentimita 20 ndi mamita 9.4. Imadya malo ambiri ndipo mipata yake imafuna kutsekedwa ndi timiyala, apo ayi mchenga umatuluka.

Kwa ine, pamchenga wa m'mbali mwa nyanja njerwa zoimika chilili ndizo zoyenera bedi lomwe mukufuna likhale zaka. Ngati njerwa ndi zochepa, zigonekeni cham'mbali. Nsungwi n'zabwino poyesa malo kwa nyengo imodzi.

Lalikulu limodzi, ang'onoang'ono anayi, kapena lalitali

Mukawirikiza kupingasa kawiri, mzere wozungulira umawirikiza kawiri koma malo a m'kati amawirikiza kanayi. Bedi la mamita 1.4 lili ndi mzere wa mamita 4.4 ndi malo a masikweya mita 1.54. Kuti mufike pa 6.16 mukufuna mabedi anayi otere, ndipo chotchinga chake chonse ndi mamita 17.6. Njerwa zoimika zikhala 160 m'malo mwa 80, pa masamba ochuluka chimodzimodzi. Mabedi ang'onoang'ono amaumanso msanga, chifukwa dothi lake lambiri lili pafupi ndi njerwa zotentha ndi dzuwa.

Tikayerekeza ndi maonekedwe ena, bedi lozungulira limasunga malo ambiri kuposa lina lililonse pa chotchinga chofanana. Mamita 8.8 omwewo mukawapanga makona anayi ofanana, mamita 2.2 mbali iliyonse, atchinga masikweya mita 4.84. Mukawapanga bedi lalitali la m'dimba, mamita 1.2 mulifupi ndi 3.2 mulitali, atchinga 3.84 okha.

Papepala lozungulira lapambana, koma mkono wa munthu uli ndi malire. Mutagwada kunja kwa bedi mumafika masentimita 60 kapena 70. Pa bedi la mamita 1.4 mumafika mpaka pakati. Pa bedi la 2.8 pamatsala malo a pakati opingasa mamita 1.4, masikweya mita 1.54, gawo limodzi mwa anayi a bedi lonse, omwe simungawathyole kapena kuwapalira popanda kuponda. Kuponda kumalimbitsa dothi ndi kuthyola mbande.

Chomwe ambiri amachita ndi kudula kanjira kolowa mpaka pakati, monga zimakhalira pa timinda tokwezeka tokhala ndi dengu la manyowa pakati tomwe tinatchuka ku Lesotho. Kanjira ka masentimita 40 mulifupi ndi mamita 1.4 mulitali kamadya masikweya mita 0.56, ndiye obzala atsala 5.6, ndipo mutaima pakati mumafika paliponse pomwe simunafike muli kunja. Koma mukakatchinga ndi njerwa mbali zonse, mwachotsa masentimita 40 pakhomo, mwawonjezera mamita 1.4 kawiri ndi masentimita 40 a kumapeto, ndipo chotchinga chafika mamita 11.6. Tsopano yerekezani ndi bedi lalitali la mamita 1.2 mulifupi ndi 4.7 mulitali. Malo ake ndi 5.6 omwewo, chotchinga chake ndi mamita 11.8, ndipo mumalifikira mbali zonse popanda kanjira. Phindu lonse la kuzungulira latha, kwatsala masentimita 20.

Ndiye ngati cholinga chanu ndi kupulumutsa njerwa, kanjirako musakamangire. Yalani thabwa lakale kapena miyala itatu yafulati yopondapo, chotchinga chikhalebe mamita 8.8. Kapena pakati pakhale chinthu chosafuna kugwiridwa tsiku ndi tsiku, monga dzenje la zinyalala zowola lomwe mumafikira ndi thabwalo, masamba azungulire kunja m'lamba la masentimita 70, lomwe ndi masikweya mita 4.62. Mtengo wa zipatso pakati umagwiranso ntchito, koma ukakula mthunzi ndi mizu yake zimalanda masamba.

Muyeso wa pakati, mamita 2.1, ndi womwe ndingauze munthu amene akufuna masamba a ndiwo za pakhomo ndipo ali ndi njerwa zochepa. Mzere wake ndi mamita 6.6, njerwa zoimika 60 kapena zogona 29, ndipo malo ake ndi masikweya mita 3.47. Posafikika pamatsala pang'ono, popingasa masentimita 70, malo osakwana theka la sikweya mita, ndipo pamenepo mungaike mwala umodzi wopondapo kapena tsinde limodzi la tsabola lomwe mumathyola mwa apo ndi apo. Manyowa okhuthala masentimita 5 akwana ndowa 9, ndipo makeni awiri patsiku alithirira. Bedi lozungulira loposa mamita 3 limafuna tinjira tiwiri kapena titatu, ndipo pamenepo mabedi aatali a m'dimba ndiwo osavuta kuyeza, kutchinga ndi kulima.